Kudula "eee" ndi mipata yaitali mu podikasiti: njira zinayi

Mukamaliza kujambula gawo la podikasiti, pamakhala zinthu ziwiri zomwe mumafuna kuchotsa: mawu odzazira monga "eee", "aaa", "ujeni" ndi "ndiye kuti", komanso mipata yomwe aliyense anangoti zii. Ambiri amaziona ngati ntchito imodzi, koma si choncho. Mpata kompyuta imatha kuupeza yokha, chifukwa imangoyeza pomwe mawu atsika kwambiri. Mawu odzazira ndi mawu ndithu, amamveka mokweza ngati ena onse, ndipo kuti mudziwe ngati ali ndi ntchito kapena ayi pamafunika khutu la munthu wodziwa chilankhulocho. N'chifukwa chake palibe njira imodzi yokwanira zonse, ndipo kusankha kwabwino kumayamba ndi kudziwa chomwe njira iliyonse imaononga.

Kuti tiyerekeze bwino, titenge chitsanzo chimodzi. Tinene kuti mwajambula macheza a mphindi 48 ndi amayi ena ochita malonda a zitenje mumsika wa Limbe. Munajambulira m'chipinda cha denga lamalata ku Chilomoni, aliyense ndi maikolofoni yake, kotero muli ndi mizere iwiri ya mawu, wa wofunsa ndi wa mlendo. Pakati pa macheza magetsi anathima, ndipo jenereta ya nyumba yoyandikana inayamba kulira chapatali. Pulogalamu yomwe tigwiritse ntchito ndi Audacity, poti ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yakale.

Musanasankhe njira: yezani phokoso la chipinda

Kwa kompyuta, chete ndi mawu aliwonse omwe ali pansi pa mulingo womwe mwaiuza. Mulingowo pa Audacity umalembedwa Threshold, ndipo ukalakwika, china chilichonse chomwe mungachite pambuyo pake chimalakwikanso. Kuyeza kwake n'kosavuta. Sankhani masekondi awiri pomwe palibe akulankhula, tsegulani Amplify, onani nambala yomwe ikuonetsa pamwamba, kenako tsekani osasintha kanthu. Ikaonetsa 50, ndiye kuti phokoso la chipinda likufika pa -50 dB. dB ndi muyezo wa kukula kwa mawu, ndipo nambala ikamayandikira ziro ndiye kuti mawu akukwera. Chitaninso chimodzimodzi pa mawu otsika kwambiri a mlendo, makamaka kumapeto kwa chiganizo komwe mpweya ukutha. Tinene kuti pamenepo mwapeza -32 dB. Mulingo wanu ukhale pakati pa ziwirizi koma kufupi ndi phokoso, monga -44 dB.

Audacity ikangoikidwa kumene, chida chake chofupikitsa mipata, Truncate Silence, chimabwera ndi -20 dB, ndipo mulingo umenewu ndi wokwera kwambiri kwa anthu ocheza mwachifatse. Umadya zilembo zofowoka monga f ndi s, komanso m wa kumayambiriro kwa mawu ngati "m'sitolo" ndi "mbewu". Mukamva "bewu" kapena "sitolo" pomwe mlendo ananena mawu athunthu, musafunefune kwina, mulingo wakwera.

M'chitsanzo chathu muyenera kuyeza kawiri, jenereta isanayambe ndi itayamba. Ngati itayamba phokoso lafika pa -38 dB, mulingo wa -44 dB sudzapezanso mpata uliwonse m'chigawo chimenecho, chifukwa kwa kompyuta jeneretayo ikulankhula. Mvula ikamagwa pa malata, kapena mukajambulira pafupi ndi msewu wa Chipembere pomwe maminibasi saleka kudutsa, vuto limakhala lomweli. Gawani ntchitoyo pawiri, chigawo chilichonse ndi mulingo wake.

Njira yoyamba: kufupikitsa mipata yonse kufika pa utali umodzi

Iyi ndi Truncate Silence mutasankha Truncate Detected Silence. Mumaiuza kuti mpata uliwonse wopitirira utali wakuti, womwe umalembedwa Duration, ufupikitsidwe kufika pa utali wakuti, womwe ndi Truncate to. Imamaliza m'masekondi ochepa, ndipo n'chifukwa chake anthu amaikonda.

Taonani chomwe imachita mukaika Duration pa sekondi 1.0 ndi Truncate to pa 0.6. Amayi aja anapuma masekondi 1.4 pakati pa ziganizo, masekondi 2.6 posintha nkhani, ndi masekondi 5.0 atafunsidwa momwe zinawakhalira katundu wawo atawalanda pa malire. Mipata itatu yonseyi isanduka 0.6. Choipitsitsa n'chakuti mpata wa 0.9, poti sunafike pa sekondi imodzi, utsala momwemo. Ndiye kupuma wamba kwa pakati pa nkhani kwatalika kuposa kusinkhasinkha kwa funso lowawa lija. Womvera sadziwa manambalawa, koma amamva kuti amayiwo ayankha mopepuka nkhani yolemera, komanso kuti macheza onse akuthamanga pa liwiro limodzi ngati munthu akuwerenga zidziwitso.

Njirayi imakwanira pomwe munthu mmodzi akuwerenga zolembedwa ndipo amaima nthawi yaitali pofuna pomwe analekezera. Pa macheza a anthu awiri, musaigwiritse ntchito, pokhapokha mukaika Duration pamwamba kwambiri, kuti ingogwira mipata yomwe munthu anatuluka kukatseka chitseko.

Njira yachiwiri: kuchepetsa mpata molingana ndi utali wake

Ndi chida chomwecho, koma mumasankha Compress Excess Silence. Apa gawo loyamba la mpata, lofanana ndi Duration, silikhudzidwa. Chomwe chimachepetsedwa ndi chotsalacho, malinga ndi peresenti yomwe mwaika pa Compress to. Mukaika Duration 1.0 ndi Compress to 40, mpata wa 1.4 ukhala 1.16, wa 2.6 ukhala 1.64, wa 5.0 ukhala 2.6. Wautali watsalabe wautali kuposa anzake, ndipo wa 0.9 uja akadali wamfupi pa onse. Kayendedwe ka macheza kasungika, kungoti kafulumirako.

Pa njira ziwiri zongodina batani, iyi ndiyo yabwino pa macheza, ndipo kusiyana kwake ndi yoyamba ija si kwakung'ono. Koma nayonso siidziwa chifukwa chomwe mpata wakhalira. Masekondi 5 omwe mlendo anali kumwa madzi ndi masekondi 5 omwe anali kudziletsa kulira imawachitira chimodzimodzi. Njira yozembera vutoli ndi kusaigwiritsa ntchito pa gawo lonse kamodzi: sankhani zigawo zomwe nkhani ikungoyenda, mudumphe malo olemera.

Pali kabokosi kolembedwa Truncate tracks independently. Mukakhala ndi mizere iwiri ya macheza amodzi, musakadine. Mukasankha mizere yonse iwiri kabokosiko kali kosadina, Audacity imadula pokhapo pomwe onse awiri ali chete, ndipo mizereyo imayendabe limodzi. Mukakadina, mzere wa wofunsa, womwe uli chete nthawi yaitali pomwe mlendo akufotokoza, umafupika kwambiri, ndipo pofika mphindi yachitatu funso limabwera yankho la funso lapitalo lisanathe. Nyimbo yapansi nayo iikeni pambuyo pa zonse. Ikakhalapo kale, palibe chete amene angapezeke.

Kumbukiraninso kuti mukatseka ntchito mu Audacity, mwayi wobweza zomwe munachita umatha. Sungani fayilo yoyambirira ya WAV padera musanadule kalikonse.

Njira yachitatu: kompyuta ilozere, inu mudule

Apa kompyuta siidula kanthu, imangokuonetsani pomwe pali mipata yaitali. Mu Audacity ndi Label Sounds, mutasankha Region between sounds ndi kuika Threshold pa mulingo womwe munayeza uja ndi Minimum silence duration pa masekondi 1.5. Imaika chizindikiro pa mpata uliwonse, ndipo inu mumapita pa chimodzi ndi chimodzi, kumvera, n'kugamula. Odziwa ffmpeg akhoza kupeza mndandanda womwewo ndi lamulo ili, lomwe silisintha fayilo:

```
ffmpeg -i gawo12.wav -af silencedetect=noise=-44dB:d=1.5 -f null -
```

Limalemba pomwe mpata uliwonse wayambira, pomwe wathera ndi utali wake. Ogwiritsa ntchito Reaper, pulogalamu ina yokonzera mawu, ali ndi Dynamic split, yomwe imagawa mawu pa mipata, ndipo ubwino wake ndi woti chomwe mwadula mukhoza kuchikokanso pa mphepete n'kuchibwezera ngakhale mawa.

Pogamula, manambala awa ndi poyambira chabe, si lamulo. Kupuma kwa mkati mwa chiganizo kumamveka bwino pa masekondi 0.2 mpaka 0.4, pakati pa ziganizo 0.5 mpaka 0.8, ndipo posintha nkhani sekondi imodzi mpaka imodzi ndi theka. Munthu wolankhula modekha, monga amachitira akuluakulu ambiri, amafuna mipata yotalikirapo; mukamupatsa mipata ya mnyamata wa pa wailesi ya achinyamata, mawu ake ndi mipata yake zimasemphana. Mpata wa masekondi 5 uja, wa funso la pa malire, mukhoza kuusiya pa masekondi 3. Mu zomvetsera zopanda chithunzi, masekondi atatu ndi aatali ndithu, okwanira kuti womvera adziwe kuti funso lalasa, koma osafika poti ayang'ane foni kuona ngati bandulo yatha.

Dulani pakati pa mpata, osati m'mphepete mwake. Kumayambiriro kwa mpata kuli mchira wa mawu omaliza ndi kulira kwake m'chipinda; kumapeto kuli mpweya womwe munthu amakoka asanayambenso. Zonsezi zisiyeni. Mpweya wodulidwa theka sumveka bwino, ndipo mukachotsa mpweya wonse munthu amalankhula mphindi yathunthu osapuma, mpaka womvera yemwe amayamba kubanika.

Njira yachinayi: kudula ndi manja, yomwe mawu odzazira saipewa

Njira zitatu zija sizikhudza "eee" ngakhale mmodzi. Apa palibe kuchitira mwina koma kumvera gawo lonse ndi mahedifoni, ndipo pa macheza a mphindi 48 konzekerani maola awiri kapena atatu. Ntchito yaikulu si kudula, ndi kusankha.

Tiyeni tione chiganizo chimodzi cha amayi aja momwe chinatulukira:

"Ndiye, eee, nditafika kwa, kwa ujeni, kwa a kasitomala aja, aaa, anati mtengo wakwera. Ine ndinati aaa, ayi, bambo, apa sinditsitsa. Eee, basi, ndiye tinasiyana choncho."

"Eee" woyamba ndi wodzazira ndipo ali ndi kampata mbali zonse ziwiri, ndiye amachoka bwinobwino. "Kwa, kwa ujeni, kwa a kasitomala" ndi kufunafuna mawu. Apa musadule "ujeni" yekha, chifukwa mutsala ndi "kwa" katatu. Dulani kuyambira pa "kwa" woyamba mpaka pomwe "kwa" wachitatu akuyambira, kuti chotsala chikhale "nditafika kwa a kasitomala aja". Musunge womaliza osati woyamba, chifukwa womalizayo ndiye wolumikizana ndi mawu otsatira. Woyamba uja anakokedwa ndi kukayika. "Aaa" wa pambuyo pa "aja" achoke. Koma "aaa, ayi, bambo" ndi kukana, ndipo "aaa" ameneyu ndiye wanyamula mtima wonse wa nkhaniyo. Mukamuchotsa, amayiwo amveka ngati akuwerenga lipoti. "Eee, basi" wa kumapeto ndi kutsimikiza kuti zinatha choncho; asiyeni.

Pa zisanu zomwe zimaoneka ngati zodzazira pa chithunzi cha mawu, zitatu zachoka, ziwiri zatsala. Poyesa, dzifunseni ngati liwulo likuchita ntchito: likuvomera, likukana, likudabwa, likupereka ulemu, kapena likungogula nthawi. "Eti", "nanga", "kaya" ndi "ndithu" nthawi zambiri ali pa ntchito. "Ndiye kuti" ndi "mwaona" amakhala chizolowezi cha pakamwa kwa ena. Ngati mlendo amanena "mwaona" pa chiganizo chilichonse, chotsani awiri mwa atatu, kuti akhalebe yemweyo amene abale ake akumudziwa. Kukayika kwa munthu asanayankhe funso lovuta nako ndi gawo la yankho. Mukachotsa "eee... kaya" patsogolo pa "ndikuganiza kuti n'zoona", mwamuchititsa kutsimikiza chinthu chomwe iye sanatsimikize.

Chomwe chimavuta pa Chichewa n'chakuti mawu athu amathera pa a, e, i, o kapena u, ndiye wodzazira amamatirira ku liwu lomwe lili patsogolo pake popanda malire. Munthu amati "ndinapitaaa ku Ndirande", ndipo pa chithunzi simungaone pomwe "ndinapita" wathera. Apa musafune kuchotsa kukokako konse. Dulani pakati pa "aaa" wautaliyo, pomwe mafunde akufanana kukula, musiye chiyambi ndi mathero ake, kenako mulumikize mbali ziwirizo ndi Crossfade Clips pa mamilisekondi 10 mpaka 20. Ngati mawu anali kukwera kapena kutsika pa kukokako, polumikizira padzamveka kudumpha, ndipo kuli bwino kungomusiya.

Chinanso, munthu akamafika popumira, amakoka kachigawo kachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu lomaliza: mu "anati mtengo wakwera", "kwe" amatalika ndipo mawu amatsika. Khutu la womvera likamva zimenezi limayembekezera mpata. Mukachotsa wodzazira wotsatira pamodzi ndi mpata wonse n'kumata chiganizo china pomwepo, pamamveka kuti padulidwa ngakhale palibe phokoso lililonse. Choncho mukachotsa "eee" wa theka la sekondi pambuyo pa liwu lokokedwa chonchi, siyani mpata wa masekondi 0.3 mpaka 0.5. Zosiyana nazo zimachitikanso: ngati liwu silinakokedwe, munthuyo anali pakati pa ganizo, ndipo mpata wautali pamenepo umamveka ngati waiwala.

Malo abwino odulira ndi patsogolo penipeni pa p, t, k, ph, th kapena kh, chifukwa pakamwa pamatsekeka kanthawi liwu lisanaphulike, ndipo pa chithunzi pamaoneka kamzere kosalala. Mawu oyamba ndi mb, nd, ng kapena nj amayamba ndi kung'ung'udza kwa m'mphuno komwe kumaoneka kochepa kwambiri. Kulitsani chithunzi, muyambire kudula patsogolo pake, apo ayi "ndalama" isanduka "dalama". Mukasankha chodula, dinani Z kuti malire akhale pomwe funde ladutsa pa ziro, zomwe zimachepetsa kaphokoso ka "thi" polumikizira, kenako dinani C kuti mumve momwe zidzamvekere musanadule. Yatsaninso Sync-Lock Tracks kuti chomwe mwadula pa mzere umodzi chidulidwenso pa unzake.

Kudula kapena kungozimitsa

Pali mawu ena omwe safunika kudulidwa konse. Wofunsa amavomereza mlendo akulankhula: "eee", "mmm", "zoona", "ndithu amayi". Pa macheza athu umenewu ndi ulemu, ndipo wofunsa wongokhala duu amaoneka ngati sakumvera. Koma m'mahedifoni, kuvomereza pa masekondi asanu aliwonse kumatopetsa. Poti kukuchitika mlendo ali mkati molankhula, simungadule nthawiyo; mumangozimitsa pa mzere wa wofunsa yekha ndi Ctrl+L, yomwe imaika chete popanda kusuntha kanthu. Siyani kuvomereza komwe kwagwera pa mpata wa mlendo, chotsani komwe kwagwera pamwamba pa mawu ake. Ngati maikolofoni anali moyandikana, "eee" wa wofunsa amvekabe chapansipansi pa mzere wa mlendo, ndipo amamveka ngati munthu wa kuseri kwa chitseko. Zikatero ndi bwino kungomutsitsa pang'ono m'malo momuzimitsa.

Ctrl+L ili ndi msampha wake. Chete wake ndi wa ziro weniweni, pomwe chipinda chili ndi phokoso lake. Pa chigawo cha jenereta chija, kuzimitsa kumapanga dzenje: kulira kwa jenereta kumatsika mwadzidzidzi n'kubwereranso, ndipo zimenezi zimamveka kuposa "eee" yemwe mumathawa. Mankhwala ake ndi kujambula masekondi 30 a chipinda chokha aliyense atakhala chete, ndipo phokoso likasintha mujambulenso ena. Pomwe mukufuna mpata, matanipo kachidutswa ka phokoso limeneli. Ngati simunajambule, koperani pa mpata wautali wa chigawo chomwecho musanaufupikitse. Tambala kapena hutala ya minibasi ikalira pakati pa mpata, dulani kulirako konse kapena kusiyeni konse. Tambala wolira theka amaulula podulira msanga kuposa china chilichonse.

Kusankha malinga ndi gawo lomwe muli nalo

Pa macheza a amayi a ku Limbe, dongosolo lomwe limapereka zotsatira zabwino ndi lophatikiza. Yambani ndi kuchotsa zigawo zikuluzikulu zomwe sizilowa m'gawolo, kuti musataye nthawi kuyeretsa zomwe mudzataye. Kenako Label Sounds ikulozereni mipata yopitirira masekondi 1.5, mugamule umodzi ndi umodzi, ndipo mukamadutsa muzichotsanso mawu odzazira. Compressor, chida chochepetsa kusiyana kwa mawu okwera ndi otsika, ndi kukweza mawu komaliza zibwere pambuyo pa kudula, chifukwa zimakweza mpweya ndi phokoso la chipinda, ndipo mulingo womwe munayeza uja sugwiranso.

Ngati nthawi yathina, gawo likufunika kutuluka madzulo ano, gwiritsani Compress Excess Silence pa Duration 1.0 ndi 40 kapena 50 peresenti, kudumpha malo olemera, kenako yeretsani ndi manja mphindi zitatu zoyambirira ndi malo omwe kufunafuna mawu kwachuluka. "Eee" wa apo ndi apo pa mphindi ya 30 palibe amene amamuwerenga.

Pomaliza mverani gawo lonse pa liwiro lake lenileni, maso atachoka pa kompyuta, kamodzi ndi mahedifoni, kenako pa sipika ya foni, poti ambiri adzamverera pamenepo. Mahedifoni amaulula maenje a phokoso ndi mpweya wodulidwa; foni imaulula zilembo zomwe zadyedwa. Paliponse pomwe mwadziwa kuti padulidwa musanayang'ane, ikani chizindikiro ndi Ctrl+M osaimitsa, ndipo mukamaliza bwererani. Nthawi zambiri kukonza kwake ndi kuwonjezera masekondi 0.2 a phokoso la chipinda, kapena kubwezera mpweya womwe unachotsedwa, kuchokera mu fayilo yoyambirira ija.